Makina akakana zala kapena chithunzi: zovuta za tsiku lokajambulitsa pofunsira viza ya ku Britain

Kulemba fomu ya viza pa GOV.UK, tsamba la pa intaneti la boma la Britain, ndi kulipira ndalama si kumaliza. Pempho lanu limakhala lili chiimire kufikira tsiku lomwe mudzapite nokha ku ofesi yolandirira mapempho kukajambulitsa nkhope ndi zidindo za zala, zomwe pa makalata awo amazitchula kuti bayometiriki. Milungu itatu yomwe amanena kuti viza yokacheza imatenga imayamba kuwerengedwa mukajambulitsa, osati tsiku lomwe munalipira. Choncho chilichonse chomwe chingakubwezeni pa tsikuli chimakankhira ulendo wonse kutsogolo.

Zambiri zomwe zimavuta pa tsikuli zimakonzeka muli m'chipindamo. Magalasi mumavula, nkhope yonyezimira mumapukuta, duku mumalikankhira kumbuyo. Zala zokha ndi zomwe sizikonzeka pa mphindi zisanu, chifukwa khungu lili ndi nthawi yake yomerera. N'chifukwa chake tikhalitsa pa zala.

Zomwe zimachitika mukafika

Ku Malawi ofesiyi ili ku Lilongwe. Kuyambira kumapeto kwa 2024 ntchito yolandira mapempho a viza ya ku Britain m'maiko a kuno kwathu, kuphatikizapo Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, ili m'manja mwa kampani ya VFS Global, pamene kale inali ya TLScontact. Adiresi yomwe muyenera kutsata ndi yomwe yalembedwa pa kalata yanu yotsimikiza tsiku, osati yomwe anakuuzani mnzanu amene anapita zaka zitatu zapitazo.

Pakhomo amaona kalatayo ndi pasipoti, n'kukusechani. Bwerani ndi kachikwama kakang'ono, ndipo yembekezerani kuti foni akuuzani kuti muzimitse. Wokuperekezani nthawi zambiri amatsala panja, kupatula ngati akuperekeza mwana kapena munthu amene sangathe kuyenda yekha. Pa kauntala wogwira ntchito amafananitsa pasipoti ndi fomu, amaona ngati mapepala anu analowa m'kompyuta, kenaka amakutumizani ku kachipinda kojambulira. Kumeneko mumakhala pampando moyang'ana kamera, amakujambulani nkhope, kenaka mumaika zala pa kagalasi kowala: zala zinayi za dzanja limodzi pamodzi, zinayi za dzanja lina, pomaliza zala zazikulu ziwiri limodzi. Palibe inki. Zonse zikayenda bwino kujambulako sikudutsa mphindi khumi. Nthawi yambiri imathera pa mzere.

Anthu ogwira ntchito pamenepo sapereka viza ndipo sakaniza viza. Chigamulo chimachokera kwa akuluakulu a UKVI, nthambi ya boma la Britain, omwe simudzawaona n'komwe. Kufotokozera wa pa kauntala za maliro kapena ukwati womwe mukuthamangira sikusintha kanthu, ndipo aliyense woima panja pa geti amene akulonjeza kuti ali ndi munthu wake mkati akungofuna ndalama zanu.

Pali chinthu china chofunika kuchidziwa musanakhale pampandopo. Mukasintha maganizo n'kuchotsa pempho musanajambulitse, ndalama ya viza imabwezedwa. Mukangojambulitsa, siibweranso. Ngati mwazindikira kuti munasankha mtundu wolakwika wa viza, nthawi yokonza ndi musanapite, osati mutatuluka.

Zonyamula, ndi zomwe zimabweza anthu pakhomo

Chachikulu ndi pasipoti yeniyeniyo yomwe nambala yake munalemba pa fomu. Fotokope, chiphaso cha unzika kapena laisensi sizilowa m'malo mwake. Vuto lomwe limabwerezabwereza ndi la munthu amene analemba fomu ndi pasipoti yakale, kenaka yatsopano n'kutuluka tsiku lisanafike. Nambala zikasiyana, wa pa kauntala sangangosintha yekha zomwe munatumiza kale. Nyamulani zonse ziwiri, komanso funsani ofesiyo tsiku lisanafike kuti mudziwe ngati mukuyenera kulembanso fomu. Yang'ananinso tsamba la chithunzi. Pansi pake pali mizere iwiri ya zilembo, manambala ndi zizindikiro za <, uliwonse wa zilembo 44, ndipo makina amawerenga pamenepo. Pasipoti yomwe inanyowa, yomwe tsamba lake likumatuka kapena yong'ambika pa mizere imeneyi ikhoza kukanidwa ngakhale masiku ake asanathe. Ionetsetseninso kuti ili ndi tsamba lopanda chidindo mbali zonse. Boma la Britain lakhala likusiya kumata viza m'pasipoti n'kumapereka ya pa intaneti yotchedwa eVisa, ndipo kwa ambiri opita kukagwira ntchito kapena kusukulu izi zinayamba mu Julaye 2025, choncho zakuti pasipoti itsala kapena mubwerera nayo muzidziwira pa malangizo a pempho lanu.

Chachiwiri ndi kalata yotsimikiza tsiku, yosindikiza papepala. Foni ikhoza kukhala yozimitsa kapena yopanda moto pa nthawi yomwe akuifuna. Sindikizaninso pepala lomwe pa GOV.UK limatchedwa Document checklist, pamene pali nambala yanu yoyamba ndi GWF. Nambala imeneyi ndi yomwe imamanga zala zanu ku pempho lanu. Ilembeninso pakapepala kena.

Mapepala ochitira umboni, monga a ku banki, kalata ya kuntchito ndi kalata yokuitanani, mukhoza kuwalowetsa nokha pa intaneti tsiku lisanafike, kwaulere. Mukapanda kutero mudzalipira kuti akulowetsereni pomwepo. Olowetsa okha amalakwitsa m'njira ziwiri. Ena amajambula mapepala ndi foni usiku, mawu osawerengeka ndipo m'mphepete mwadulidwa. Ena amasankha mafayilo koma osafika pomaliza potumiza, n'kufika ku ofesi akuganiza kuti zonse zinapita. Tsegulani fayilo iliyonse muione ndi maso anu, ndipo mapepala enieniwo muwanyamulebe. Pepala lililonse lomwe lili m'Chichewa kapena m'Chipwitikizi, monga kalata ya amfumu kapena mtchatho wa ku Mozambique, lifunika kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira amene walembapo dzina lake, tsiku, siginecha ndi momwe angapezekere.

Amene akukakhala ku Britain kopitirira miyezi 6 afunika satifiketi ya TB yochokera ku chipatala chomwe boma la Britain linavomereza, osati chipatala chilichonse. Imagwira ntchito miyezi 6 kuchokera tsiku lomwe anakujambulani pachifuwa. Mukamasuntha tsiku lokajambulitsa zala, yang'anani kaye tsiku lothera satifiketiyi kuti musakonze vuto limodzi n'kubala lina.

Ana nawonso amapita, ngakhale wakhanda. Mwana wosakwana zaka 5 amangojambulidwa nkhope, zala ayi. Wosakwana zaka 16 ayenera kukhala ndi munthu wamkulu wa zaka 18 kapena kupitirira, kholo kapena womulera, pa nthawi yojambulayo, ndipo wogwira ntchito mu ofesimo sangaime m'malo mwa kholo.

Mmene kagalasi kaja kamaonera chala

Kuti mumvetse chifukwa chomwe makina amakanira, yang'anani nsonga ya chala chanu powala. Muona timizere tokwera ndi timakwawa pakati pake, ngati mizere ya m'munda. Kuchoka pa mzere umodzi kufika pa unzake ndi pafupifupi theka la milimita. Makina ambiri a m'maofesi otere amawalitsa kagalasi kuchokera pansi. Pomwe mzere wa khungu wakhudza galasi, kuwala kumasokonezeka ndipo pamaoneka pakuda. Pomwe pali kakhwawa pamakhala mpweya, kuwala kumabwerera, ndipo pamaoneka poyera. Kompyuta imafufuza malo omwe mzere wathera ndi pomwe wagawika pawiri, ndipo malo amenewa ndiwo amasiyanitsa inu ndi munthu wina aliyense.

Ndiye kuti makinawa sajambula chala ngati kamera. Amajambula kukhudzana kwa khungu ndi galasi. Chala chilichonse chimapatsidwa malikisi, ndipo chomwe sichinafike pa mlingo chimaonetsa pa sikirini kuti chibwerezedwe. Ngati mukutha kuona sikiriniyo, chithunzicho chimakuuzani chokha chomwe chavuta.

Mizere yotuwa, yodukaduka ngati madontho, ndiye kuti khungu ndi louma. Khungu louma ndi lolimba, silimata pagalasi, limangokhudza apa ndi apo. Zimachitika kwambiri m'mawa wa Juni ndi Julaye manja atazizira, komanso kwa munthu amene wangothira mankhwala ophera tizilombo m'manja pakhomo, chifukwa mowa womwe uli m'mankhwalawo umaumitsa khungu. Tikitani manja mpaka atenthe, uzirani mpweya wa m'kamwa pa nsonga za zala, kapena pakani nsongazo pamphumi kapena m'mbali mwa mphuno pomwe pamakhala timafuta ta thupi. Kawirikawiri zimenezi zimakwana.

Chidindo chakuda bii chopanda mizere ndiye kuti chala chanyowa kapena mwakanikiza kwambiri. Thukuta ndi mafuta zimadzaza timakwawa tija, mpweya n'kusowa, galasi lonse n'kuoneka ngati lakhudzidwa. Apa m'pomwe amagwera anthu omwe anamva kuti mafuta amathandiza n'kudzola vaselini kapena giliserini wambiri m'mawa womwewo. Pukutani ndi nsalu youma, dikirani pang'ono, ikaninso. Amene manja awo amatuluka thukuta akachita mantha anyamule kampango, azipukuta asanaike dzanja lililonse. Pa za kukanikiza, mphamvu yofunika ndi yonga yomwe mumagwirira pepala patebulo kuti lisauluke ndi mphepo. Mukapitirira apo mizere imaphwatalala n'kulumikizana.

Chidindo chooneka pawiri kapena chokhala ndi mthunzi chili ndi zifukwa ziwiri: mwina chala chinasuntha, mwina pagalasi patsala mafuta a munthu amene anali patsogolo panu. Kupempha mwaulemu kuti apukute galasi si mwano.

Chidindo chodulidwa, chongoonetsa nsonga, ndi vuto la kaikidwe. Pakati pa chidindo, pomwe mizere imazungulira, pali pamimba pa chala, osati kunsonga kufupi ndi chikhadabo. Zala zigone, zisaime ngati mukuliza kiyibodi. Kachala kakumapeto ndi kamene kamavuta chifukwa ndi kakafupi: pendeketsani dzanja pang'ono kuti zonse zinayi zilowe m'galasi, ndipo tsitsani chigongono. Zikhadabo zazitali zomata zimagunda m'mphepete mwa makina n'kunyamula chala. Zichotseni kusanafike tsikulo.

Zala zofufutika ndi ntchito

Ili ndilo vuto lenileni, ndipo limagwira anthu ambiri kuno kwathu. Simenti yonyowa imadya khungu chifukwa ndi yaukali ngati sopo wamphamvu kwambiri, ndipo mchenga ndi njerwa zimapala zomwe zatsala. Wochapa zovala pamanja tsiku ndi tsiku ndi sopo waufa kapena jiki, wokonola chimanga ndi manja, wosankha fodya, wopala matabwa ndi sandipepa, wometa ndi kuluka tsitsi amene amagwira mankhwala owongolera tsitsi, namwino amene amasamba m'manja kambirimbiri pa tsiku, onsewa amafika ndi zala zosalala ngati sopo wotha. Pa sikirini chidindo chawo chimaoneka chotuwa, chodutsidwa ndi mizere yoyera yopingasa, yomwe ndi ming'alu ndi makwinya.

Chotonthoza n'chakuti mizere ya chala imachokera m'kati mwa khungu. Chomwe ntchito imapala ndi khungu lapamwamba, ndipo limeneli limasinthika lonse pa milungu pafupifupi inayi. Mukasiya chomwe chikulidya, mizere imabwerera momwe inalili, osasintha ngakhale pang'ono. Pakatha milungu iwiri kusintha kumayamba kuoneka. Itatu kapena inayi ndi yabwino koposa. Pa nthawiyi valani magolovesi a labala pochapa ndi potsuka, a chikopa kapena a nsalu yokhuthala pogwira njerwa. Dzolani mafuta m'manja katatu kapena kanayi pa tsiku, makamaka mukangosamba m'manja. Usiku pakani vaselini wokhuthala pa nsonga za zala n'kuvala masokosi oyera m'manja kuti asapukutike. Tsiku lokajambulitsa sambani m'manja ndi madzi ofunda ndipo musadzole chokhuthala chilichonse. Mafuta ntchito yake ndi ya masiku a m'mbuyo, osati ya m'mawa umenewo.

Musayese kukonza zala pozikwecha ndi mwala wosambira, lezala kapena mandimu poganiza kuti mukuchotsa khungu lakufa. Mukhala mukuchotsa mizere yomwe ikumera. Choopsa china n'chakuti zala zooneka ngati zawonongedwa dala zimadzutsa mafunso omwe zala za mmisiri wamba sizidzutsa. Mafuta oyeretsa khungu nawonso ndi oyenera kuwatchula: ambiri ali ndi mankhwala omwe amapyapyalitsa khungu akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, ndipo zala zomwe zimawapaka tsiku lililonse ndi zomwe zimayamba kufufutika.

Pali ena omwe mizere yawo siidzabwerera ngakhale atapuma chaka. Okalamba khungu lawo limapyapyala ndipo mizere imatsika. Chipsera cha moto kapena bala lakuya lomwe linafika m'kati mwa khungu chimakhala mpaka kale. Matenda a khungu osendula m'manja, khate, ndi mankhwala ena a khansa monga kapesitabini, omwe amatupitsa ndi kusendula zikhato, zimatha kufafaniza zidindo. Kwa anthu otere njira si mafuta koma kalata ya dokotala, ya m'Chingerezi, yonena vutolo ndi kuti ndi lokhalitsa. Wogwira ntchito amayesa kangapo, makina amasunga chidindo chabwino koposa mwa zomwe zapezeka, ndipo iye amalemba chifukwa chake. Kukhala ndi zidindo zosaoneka bwino si mlandu ndipo pakokha si chifukwa chokanira viza. Chomwe chingachitike ndi kuitanidwanso kuti mukabwereze, ndipo zimenezo zimadya masiku.

Chipsera chakale chaching'ono chisakudetseni nkhawa. Chimangokhala mbali ya chidindo chanu.

Bala, pulasitala, hina, chala chosowa

Apa kusiyana kuli pakati pa vuto losakhalitsa ndi lokhalitsa. Chala chomwe chinadulidwa kapena chomwe munabadwa mulibe, wogwira ntchito amachilemba m'kompyuta kuti palibe, n'kujambula zotsalazo. Muuzeni musanaike dzanja, chifukwa makina akuyembekezera zala zinayi ndipo akaona zitatu amangobwerezabwereza. Chimodzimodzi amene ali ndi chala chachisanu ndi chimodzi, kapena zala zopindika ndi nyamakazi kapena sitiroko zomwe sizingagone pamodzi: nenani, akuthandizani kaikidwe kake.

Bala latsopano ndi nkhani ina. Chala chomangidwa bandeji, chotupa, cha matuza kapena chotuluka magazi sichingaikidwe pagalasi, ndipo poti vutolo ndi lakanthawi, akhoza kukuuzani kuti mubwerenso likapola. Kachilonda ka m'mbali mwa chala kapena pamwamba pa chikhadabo sikalepheretsa kanthu. Chomwe chikuwerengedwa ndi mimba ya chala kuyambira pa mfundo yomaliza kukafika kunsonga. Lamulo losavuta ndi ili: ngati mungathe kuchotsa pulasitala n'kukanikiza chalacho patebulo osamva ululu komanso osasiya chinyezi, pitani. Ngati simungathe, sunthani tsiku pa intaneti nthawi idakalipo, m'malo mokwera basi kuchokera ku Mzuzu kapena ku Nsanje n'kukabwezedwa.

Hina wa pa ukwati kapena pa Idi amatchulidwa m'malangizo a maofesi a viza ngati chinthu chopewa pa nsonga za zala. Sasukika ndi sopo, amatha yekha khungu likamasinthika, zomwe zimatenga milungu iwiri kapena itatu. Ngati mwambo uli pafupi ndi tsiku lanu, uzani wojambula hinayo kuti alekeze pa mfundo yomaliza ya chala. Guluu, penti ndi utomoni zomwe zauma pa chala zimatseka timakwawa, ndipo zichotsedwe dzulo lake ndi madzi ofunda ndi mafuta, osati ndi mpeni.

Chitsanzo chowerengera masiku

Tiyerekeze bambo wina womanga nyumba, wa zaka 58, amene akufuna kukaonerera mwana wake akulandira digiri ku Britain, ndipo ndege yake ndi ya pa 20 Julaye. Viza yokacheza munthu angaifunsire miyezi itatu ulendo usanafike, ndiye kuti kuyambira pa 20 Epulo. Bamboyu akadali pa ntchito yopaka pulasitala pa nyumba ina mpaka pa 10 Meyi. Akayang'ana zala zake powala, cha mkombaphala ndi chapakati cha dzanja lamanja n'zosalala, ndipo chala chachikulu chili ndi mng'alu wotseguka.

Maganizo oyamba a ambiri ndi kutenga tsiku loyambirira lomwe lapezeka, tinene pa 28 Epulo, kuti zithe msanga. Koma pa tsikulo adzakhala atagwira simenti dzulo lake. Zala zitatu mwa khumi zidzavuta, chimodzi mwina sichidzajambulika n'komwe chifukwa cha bala, ndipo akhoza kubwezedwa kapena kuitanidwanso pambuyo pake, ulendo wa ku Lilongwe n'kukhala wawiri.

Kuwerenga kwabwino kumayambira kumapeto. Kuchokera pa 20 Julaye, chotsani milungu itatu yodikira yankho: pa 29 Juni. Miyezi ya Juni ndi Julaye mapempho amachuluka chifukwa cha ana asukulu ndi alendo a nyengo yotentha ya kumeneko, choncho chotsaninso milungu itatu yosungira: pa 8 Juni. Ndiye kuti tsiku lililonse lisanafike 8 Juni ndi labwino. Ntchito ikatha pa 10 Meyi, milungu itatu yopumitsa manja imafika pa 31 Meyi. Mpata wake weniweni ndi mlungu woyamba wa Juni. Alembe fomu ndi kulipira chakumapeto kwa Meyi kuti mapepala a ku banki akhale atsopano, asankhe tsiku la pa 2 kapena 3 Juni, ndipo kuyambira lero avale magolovesi pa ntchito yotsalayo kuti mng'alu uja uyambe kutseka. Ngati ntchito ina yabwera pakati, aigwire ngati woyang'anira, chipande chigwire anyamata.

Angadziyese bwanji kunyumba? Atenge tambula yagalasi yoyera, asambe m'manja, adikire mphindi khumi, akanikize chala pang'ono kunja kwa tambulayo n'kuyang'anira mkati muli madzi. Mizere yomwe yakhudza galasi imaoneka bwino kudzera m'madzimo, ndipo makina aja amagwira ntchito mofanana ndi zimenezi. Ngati pakati pa chala mizere ikuoneka yolumikizana, ali bwino. Ngati pakuoneka chigamba chosalala, awonjezere mlungu.

Kamera ikakana nkhope

Chithunzi amajambula pomwepo, choncho pa viza ya ku Britain simufunika kupita ku situdiyo pokhapokha kalata yanu itanena. Kompyuta imayeza nkhope: mtunda wa pakati pa maso, mphuno, pakamwa, chibwano ndi m'mphepete mwa nkhope. Chilichonse chobisa kapena kusuntha malo amenewa chimabweza chithunzi. Yang'anani kamera molunjika, mutu usapendekeke, pakamwa potseka, osamwetulira. Kumwetulira kumakweza masaya n'kuchepetsa maso.

Magalasi a maso ndi bwino kungovula. Amanyezimira, ndipo felemu yokhuthala imadutsa pa diso. Aja osintha mtundu padzuwa amakhala akadali akuda mukangolowa kuchokera panja. Tigalasi tomata m'maso tosintha mtundu wa diso tisiyeni kunyumba, ndipo nsidze zomata zazitali zimaika mthunzi pa diso mpaka kompyuta kuganiza kuti mwatsinzina.

Duku, hijabu kapena chovala chakumutu cha masisitere chimaloledwa ngati ndi cha chipembedzo kapena cha matenda, bola nkhope ioneke yonse kuyambira pansi pa chibwano mpaka pamwamba pa mphumi, ndi masaya onse awiri, popanda mthunzi. Chipewa cha fashoni chimavulidwa. Wigi kapena meshi si vuto, koma tsitsi logwera pa nsidze likankhireni kumbali, tengani kopanira.

Kwa ife a khungu lakuda pali zovuta ziwiri zomwe anthu saziganizira. Yoyamba ndi kunyezimira. Mafuta odzola ndi thukuta la pa ulendo zimabweza kuwala pamphumi, pamphuno ndi pamasaya, ndipo pa chithunzi pamatuluka zigamba zoyera zomwe zimafufuta maonekedwe a khungu. Pukutani nkhope ndi kampango kouma musanakhale pampando. Yachiwiri ndi malaya oyera. Kumbuyo kwanu kumakhala kale koyera kapena kotuwa, ndipo mukawonjeza malaya oyera kamera imaona kuwala kochuluka n'kudzichepetsera, nkhope n'kuda mpaka maso ndi mphuno osasiyanitsika. Malaya a mtundu wapakati, monga obiriwira kapena abuluu, opanda kolala yofika kuchibwano, amathandiza kamera.

Anthu achialubino amavutika ndi kuwala, ndipo ambiri maso awo amagwedezeka okha, choncho kuyang'ana kamera maso ali otsegula n'kovuta. Nenani musanayambe, pemphani kuti mutsinzine kaye n'kutsegula pomwe akujambula, ndipo kalata ya dokotala wa maso ikhale m'manja. Chimodzimodzi amene ali ndi diso lowonongeka, nkhope yopuwala mbali imodzi kapena khosi losawongoka. Koma chotupa cha dzino, diso lotupa ndi ngozi kapena bandeji ya pankhope ndi zakanthawi, ndipo zikufanana ndi bala la pa chala: sunthani tsiku.

Ana aang'ono malamulo ake ndi ofewa. Wosakwana zaka 6 sakakamizidwa kuyang'ana molunjika kapena kukhala ndi nkhope yosaseka, ndipo khanda losakwana chaka likhoza kujambulidwa lili chitsinzinire. Chomwe sichiloledwa ndi dzanja la mayi kuoneka pa chithunzi, chidole, kapena kanthu koyamwa kukamwa. Muyamwitseni mwana musanalowe.

Nkhope ikasiyana ndi ya m'pasipoti, chifukwa cha kuwonda, kunenepa, ndevu, kuyeretsa khungu kapena opaleshoni, wogwira ntchito amayang'anitsitsa ndipo akhoza kuitana mkulu wake. Ziphaso zina zokhala ndi chithunzi, monga cha unzika ndi pasipoti yakale, zimathandiza kuonetsa kuti ndinu yemweyo.

Mukatuluka, ndi kusiyana kwa maiko ena

Sungani lisiti yomwe akupatsani, ndipo yang'anani imelo yomwe munalemba pa fomu tsiku lililonse, kuphatikizapo bokosi la Spam. Uthenga wokuitanani kuti mukabwereze zala umadzera kumeneko, ndipo ngati imeloyo ndi ya munthu wa pa kafe ya intaneti amene anakulemberani fomu, mukhoza kuumva mochedwa.

Zidindo zanu zimafananizidwa ndi zomwe boma la Britain linasunga kale, za olowa ndi kutuluka komanso za apolisi, ndipo dzikoli limagawana uthenga wotere ndi America, Canada, Australia ndi New Zealand. Munthu amene anakanizidwapo viza, kapena anafunsirapo ndi dzina lina kapena tsiku lina lobadwa, zala zimamuulula ngakhale pasipoti ili yatsopano. Kukanizidwa kwakale kukalembedwa pa fomu ndi nkhani yoti aiganizire. Kukabisidwa kumasanduka chinyengo, chomwe chingatsekereze munthu kwa zaka 10.

Musatengere malamulo a dziko lina kubwera nawo kuno. Canada imagwiritsa ntchito zidindo zomwe munapereka kwa zaka 10, imajambula a zaka 14 mpaka 79, ndipo imapereka masiku 30 kuchokera pomwe mwalandira kalata yokuuzani kuti mukajambulitse. Maiko a ku Ulaya a mgwirizano wa Schengen amagwiritsanso ntchito zidindo zomwe munapereka m'miyezi 59 yapitayo, sajambula zala za ana osakwana zaka 12, ndipo kawirikawiri amafuna kuti mubwere ndi chithunzi chosindikiza cha mamilimita 35 m'lifupi ndi 45 m'litali. Britain, kwa ofunsira ali kunja, nthawi zambiri imafuna kuti mupitenso pa pempho lililonse, ngakhale munajambulitsa chaka chatha.

Amene ali kale ku Britain ndipo akuwonjezera masiku amapita ku malo ojambulira zala otchedwa UKVCAS, omwe kuyambira Okutobala 2024 amayendetsedwa ndi TLScontact, kapena amauzidwa kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa foni ya UK Immigration: ID Check osapita kulikonse. Fomu ndi yomwe imakuuzani njira yanu, simusankha nokha. Ambiri mwa abale athu kumeneko amagwira ntchito yosamalira okalamba, yosamba m'manja ndi kuthira mankhwala maulendo osawerengeka pa shifiti imodzi, kunja kukuzizira ndipo m'nyumba muli mpweya wouma wa hita. Ngati n'kotheka, sankhani tsiku lotsatira masiku anu awiri opuma, osati m'mawa wochokera ku shifiti ya usiku.